Kupempha masiku asanu a kosi abwana akamafunsa kuti makiyi musiyira ndani

Funso: Zikomo akatswiri. Ndimasunga katundu pa depoti ya kampani ina yogula soya, mtedza ndi chimanga kuno ku Kamwendo, ku Mchinji. Pakati pa mwezi wa Malichi ku Lilongwe kuli kosi ya masiku asanu ya kasungidwe ka mbewu: kuyeza chinyontho, kusankha magiredi ndi kuteteza mbewu kwa anankafumbwe. Fizi yake ndi K450,000. Nditawauza amanijala pakamwa anangoseka nati, "Mukufuna kukadya alawansi basi, nanga makiyi musiyira ndani?" Ndipemphe bwanji kuti andilole, ndipo ngati n'kotheka kampani ilipire? *Mayi wa ku Kamwendo*

Yankho: Mayi, kuseka kwa amanijala anuwo musakutenge ngati kukana. Akuuzani zinthu ziwiri zimene zikuwadetsa nkhawa, ndipo akuchitirani zabwino, chifukwa mabwana ambiri amangoti "tiona" mpaka tsiku la kosi lidutse. Pali chachitatu chimene sanatchule koma chili mumtima mwa bwana aliyense: kuti mukabwera ndi setifiketi mudzayamba kufuna ntchito kwina. Pempho lanu liyankhe zitatuzi asanazifunsenso, ndipo likhale la papepala.

Yambani mwadziwa pamene mwaima pa lamulo, kuti mawu anu asapitirire mphamvu zanu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito tchuthi cha pachaka cholipidwa, masiku osachepera 18 kwa amene amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku osachepera 15 kwa wa masiku asanu. Lili ndi tchuthi cha matenda komanso cha uchembere. Koma tchuthi cha maphunziro mulibemo. Ngati kampani yanu ili nacho, chili mu kontirakiti yanu kapena m'buku la malamulo a antchito, ndipo muyenera kukawerenga ndime imeneyo musanalembe kalikonse. Ngati mulibe, ndiye kuti mukupempha chinthu chimene abwana akhoza kukana popanda kulakwira lamulo, ndipo ku ofesi ya zantchito pa boma la Mchinji sakakuthandizani pa nkhani imeneyo. Chinanso, lamulo lomwelo limalola bwana kuchotsa ntchito nthawi yomweyo munthu wojomba popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Choncho njira ya kunamizira maliro a kumudzi kapena malungo, imene anzanu ena angakulangizeni, isiyeni. Zithunzi za pa kosi zimayenda pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo setifiketi imene mwaipeza mobisa simungaionetse kwa anthu amene mukufuna akukwezeni pa ntchito.

Mawu oti "tchuthi" akubisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo anthu ambiri amalephera chifukwa chozisakaniza. Choyamba ndi kutumidwa ndi kampani: muli pa ntchito, kungoti sabata imeneyo ntchito yanu ili ku Lilongwe, malipiro akuyenda, fizi ndi ulendo kampani yalipira, ndipo masiku anu a holide sakukhudzidwa. Chachiwiri ndi kupatsidwa masiku olipidwa, koma ndalama mukugawana kapena mukulipira nokha. Chachitatu ndi kudula masiku asanu pa holide yanu n'kudzilipirira zonse. Inu mupemphe choyamba momveka bwino, chachiwiri muchitchule m'chiganizo chimodzi chakumapeto, ndipo chachitatu muchisunge m'thumba. Mukachitchula msanga, abwana asankha chimenecho, chifukwa sichiwadyera kanthu.

Tsopano nkhani yaikulu, ya phindu la kampani. Makalata ambiri amene amafika pa tebulo la oyang'anira antchito amati kosiyi "idzawonjezera luso langa" ndipo "idzathandiza kampani kupita patsogolo". Mawu amenewa sasuntha munthu, chifukwa angalembedwe pa kosi iliyonse ndi munthu aliyense. Chimene chimasuntha manijala ndi vuto limene likumupweteka kale mutu, limene iyeyo amafunsidwa ndi akuluakulu ake, ndipo inu mukamusonyeza kuti sabata imodziyi ikhudza vuto lomwelo. Pa depoti ya mbewu vuto limeneli silisowa. Ndi kusiyana kwa makilogalamu amene munagula ndi amene anatuluka pa thiraki, komanso katundu amene wogula anabweza kapena kumutsitsa mtengo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ndi manambala ongoyerekeza amene inu mudzawasinthe ndi a m'mabuku anu. Tinene kuti kumayambiriro kwa nyengo yatha depoti inagula matumba 2,000 a soya a makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 100,000. Soya woyamba kufika pa msika mu Epulo nthawi zambiri amakhala asanaumitsitse. Tinene kuti anali ndi chinyontho cha 16 peresenti, ndipo ali m'nyumba yosungiramo anauma n'kufika pa 12 peresenti. Kuti mudziwe kulemera kotsala, muchotse 16 pa 100, mupeza 84; muchotse 12 pa 100, mupeza 88; kenako muchulukitse makilogalamu anu ndi 84 n'kugawa ndi 88. Pa makilogalamu 100,000 patsala pafupifupi 95,450. Makilogalamu oposa 4,500 apita mumphepo, omwe ndi matumba pafupifupi 91, ndipo palibe amene waba. Kampani inagula madzi pa mtengo wa soya. Ngati thumba linali K50,000, ndalama yake ikupitirira K4,500,000.

Ndiyeno ikani mtengo wa kosi pambali pake, wonse, osati fizi yokha. Fizi K450,000. Malo ogona masiku asanu, kuchokera Lamulungu usiku mpaka Lachisanu m'mawa, tinene K40,000 pa usiku, ikukwana K200,000. Chakudya tinene K100,000, ndipo mufunse kaye okonza kosi ngati nkhomaliro ili kale mu fizi, chifukwa nthawi zambiri imakhalamo. Minibasi kupita ndi kubwera pa msewu wa M12, pamodzi ndi makabaza a m'tauni, tinene K40,000. Zonse pamodzi K790,000. Pa mtengo wa K50,000 pa thumba, amenewo ndi matumba 16. Chiganizo chimene mukufuna chili pamenepa: kosi ikudya matumba 16, pamene chinyontho chokha chinadya matumba 91. Manijala wa depoti amaganiza m'matumba, ndipo chiganizo chotere akhoza kuchinyamula kupita nacho kwa akuluakulu ake popanda kuchimasulira.

Koma musalonjeze kuti mudzapulumutsa matumba onse 91. Munthu wodziwa bizinesi ya mbewu akaona lonjezo lotere amadziwa kuti wolembayo sadziwa msika. Pa nthawi ya mpikisano, mavenda ali pa msewu ndi masikelo awo, kampani nthawi zina imagula dala mbewu yosaumitsitsa poopa kutsala manja lende. Chimene kosi ingachite ndi kukuphunzitsani kuyeza bwino, kutenga zitsanzo m'matumba angapo osati lapamwamba lokha, ndi kuwerengera makilogalamu oyenera kuchotsa pa mtengo ngati mbewu yabwera yonyowa. Lembani kuti ngakhale mutachepetsa kutayikaku ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, omwe ndi matumba 30, ndalama ya kosi ibwerera pafupifupi kawiri m'nyengo imodzi. Nambala yodzichepetsa imakhulupirika kuposa yaikulu.

Pali msampha pano umene ndikufuna muuone bwino, chifukwa inu ndinu wosunga makiyi. Mukalemba kuti matumba 91 anasowa, wina ku likulu akhoza kufunsa kuti, kodi nanga wosunga katunduyo anali kuti? Ndipo amanijala akhoza kumva ngati mukuwaneneza kuti anagula zonyowa. Njira yopewera ndi kugwiritsa ntchito manambala okhawo amene ali kale m'malipoti osayinidwa, monga lipoti lotsekera nyengo kapena la owerengera katundu, ndi kutchula lipotilo ndi mwezi wake. Musatchule dzina la kalaliki aliyense wogula, ndipo musalembe kuti "tinalakwitsa" kapena "analakwitsa". Lembani kuti "malinga ndi lipoti lotsekera nyengo, kusiyana kunali kwakuti, ndipo mbali ina inachokera ku chinyontho". Ngati nkhani ya kusowako sinathe, mwina pali amene akufufuzidwa, isiyeni ndipo mugwiritse ntchito vuto lina, monga mtedza umene unabwezedwa.

Mtedzawo ku Mchinji ndi mfundo yamphamvu payokha. Mukudziwa chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti uswedwe mosavuta komanso kuti ulemere pa sikelo. Mtedza woswa umafunika usungidwe chinyontho chili pafupifupi 7 peresenti. Ukalowa m'thumba uli wonyowa umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wa afulatokisini amene ogula aakulu, makamaka otumiza kunja, amayeza asanalandire katundu. Thiraki imodzi yobwezedwa, ndi mtengo wa thiransipoti yopita ndi kubwera, imaposa mtengo wa kosi. Ngati izi zinachitikapo pa depoti yanu, tsiku lake ndi kuchuluka kwake amanijala akukumbukira bwino kuposa inu. Sankhani vuto limodzi, la soya kapena la mtedza, limene lili ndi pepala lolichitira umboni. Awiri akhoza kulowa, koma atatu kapena anayi amasandutsa kalata kukhala dandaulo.

Musanalembe, pemphani kwa okonza kosi ndondomeko ya tsiku ndi tsiku, osati kapepala kotsatsa kokha. Muone ngati mutu umene mukuutsamira ulimodi, ndipo ngati uli wa kuchita ndi manja kapena wongomvera m'holo. Kosi ya kasungidwe ka mbewu yopanda tsiku lolowa m'nyumba yosungiramo katundu, kugwira kachipangizo koyezera chinyontho ndi kuona kasanjidwe ka matumba pa mapaleti, ndi semina wamba, ndipo simuyenera kuthera mwayi wanu pa iyo. Funsaninso kuti setifiketi akupereka ndani, ngati bungwelo ndi lolembetsedwa ku TEVETA kapena likugwira ntchito ndi sukulu yodziwika monga LUANAR, ndipo mupemphe invoisi yolembedwa m'dzina la kampani yanu, yokhala ndi akaunti ya kubanki ya bungwelo. Akakuuzani kuti mutumize fizi pa nambala ya foni ya munthu, kapena akamakufulumizitsani kuti malo atsala awiri koma ndondomeko osatumiza, imani kaye. A ku maakaunti adzafunsa zomwezi, ndipo ndi bwino mayankho akhale atamatidwa kale kumbuyo kwa kalata.

Onaninso ngati depoti yanu ili ndi zida zoti mudzagwiritse ntchito zimene mwaphunzira. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyontho, ndipo anyamata amangoluma njere kapena kugwedeza m'manja, nenani poyera m'kalata kuti phindu likudalira kugula kamodzi, ndipo muikepo mtengo wake kuchokera kwa ogulitsa. Mukabisa, mudzabwera ndi nzeru zopanda pogwirira, ndipo pakutha pa nyengo adzati kosi ija sinathandize. Pa nkhani ya anankafumbwe chenjerani ndi lonjezo loti muzidzafukiza nokha mankhwala kuti kampani isamalipire akunja. Mapilitsi otulutsa mpweya wa fosifini amapha munthu, ndipo ntchito yofukiza imafuna anthu a chilolezo chake. Masiku asanu a kosi sakupatsani chimenecho. Chimene mungalonjeze ndi kuyang'anira bwino amene alembedwa ntchitoyo: kuona kuti malona alibe zibowo, m'mphepete mwatsindiridwa bwino ndi timatumba ta mchenga, ndipo mulu wakhala wophimbidwa pafupifupi sabata yathunthu osati kuvundukulidwa pa tsiku lachitatu chifukwa thiraki yabwera. Kufukiza kochotsedwa msanga kumapha tizilombo tatikulu n'kusiya mazira, ndipo pakangotha masabata ochepa mumamva matumba akulira kachiwiri.

Za makiyi. Funso limeneli si lachibwana, ndipo yankho loti "ndisiyira mnzanga" silikwanira. Tchulani munthu mmodzi ndi udindo wake, amene mwayankhula naye kale ndipo wavomera. Nenani kuti Lachisanu kapena Loweruka lisanafike tsiku lonyamuka, inu, iyeyo ndi amanijala kapena wowaimira mudzawerenga katundu yense mulu ndi mulu, kufananiza ndi makhadi a sitoko, n'kusayina atatu nonse pa pepala limodzi pamodzi ndi chiwerengero cha makiyi, matumba opanda kanthu ndi mankhwala. Tsiku lobwerera mudzachitanso chimodzimodzi. Izi zimakhazika mtima wa abwana pansi, komanso zimakutetezani inuyo, chifukwa wosunga katundu amene wapereka makiyi popanda kuwerenga amasenza kusowa kulikonse kopezeka pambuyo pake, ngakhale kutachitika iye ali ku Lilongwe. Onjezani kuti lipoti la sabata imeneyo mudzalikonzeratu, kuti katundu wofunika kutuluka atuluke musanapite kapena adikire Lolemba lotsatira, ndiponso kuti foni yanu idzakhala yotsegula nthawi ya nkhomaliro ndi madzulo ikakwana 5 koloko. Musalonjeze kuti muzidzayankha foni nthawi iliyonse, chifukwa mudzathera kosi yonse pakhonde.

Mwezi wa Malichi uli mbali yanu, ndipo munene zimenezo. Nthawi imeneyo mbewu zili m'munda, m'nyumba zosungiramo mwapepuka, ndipo kugula kwenikweni kumayamba mu Epulo ndi soya, kenako mtedza ndi chimanga. Munthu wophunzira mu Malichi amagwiritsa ntchito nzeruzo patangotha masabata awiri kapena atatu, zisanaiwalike. Pempho lomweli litabwera mu Meyi kapena Juni, ndikanakulangizani kuti mufunse okonza kosi ngati adzaibwereze nthawi ina, chifukwa palibe manijala wanzeru amene angamasule wosunga katundu pakati pa nyengo yogula. Anzathu a ku Kasungu ogwira ntchito za fodya ali ndi vuto lomweli msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa. Funsaninso mwakachetechete kwa a maakaunti kuti chaka cha ndalama cha kampani yanu chimatha liti. M'boma chimatha pa 31 Malichi, ndipo makampani ena amatsatira zomwezo pamene ena amatseka mu Disembala. Ngati chikutha mu Malichi, mwina mu bajeti ya maphunziro mwatsala kandalama kosagwiritsidwa ntchito, kapena mwina mwauma. Mulimonsemo ndi bwino kudziwiratu.

Nkhani ya alawansi ndi yosavuta kuithetsa ngati muli okonzeka kuitaya. Mabwana ali ndi chifukwa chokayikirira, popeza aona anthu akuthamangira masemina a kunyanja chifukwa cha envulopu. Lembani kuti fizi ilipiridwe mwachindunji ku akaunti ya bungwe lophunzitsa, malo ogona alipiridwe pa invoisi, ndipo za ulendo ndi chakudya mudzabweza malisiti pasanathe masiku atatu mutabwerako. Ngati muli ndi m'bale ku Lilongwe amene mungagone kwake ndipo ulendo wa m'mawa kupita ku kosi ndi wotheka, nenani, mtengo utsika ndi K200,000, kuchoka pa matumba 16 kufika pa 12. Koma ngati malamulo a kampani amanena kuti wotumidwa kunja kwa boma lake amalandira alawansi yakuti, simukuyenera kuikana. Ingolembani kuti "malinga ndi malamulo a kampani" ndipo musaike nambala yanuyanu. Mfundo ina yothandiza: olemba anthu ntchito amalipira ku TEVETA msonkho wa maphunziro a luso wa 1 peresenti ya malipiro a antchito, ndipo TEVETA ili ndi ndondomeko zothandizira maphunziro a antchito a makampani olipira msonkhowo. Pemphani a maakaunti afunse ngati kosi yanu ingalowemo, ndipo afunse kosi isanachitike, osati mutabwerako. Musalembe ngati kuti ndalamayo ndi yotsimikizika.

Kalatayo ikwane tsamba limodzi. Ngati kampani yanu imalemba m'Chingerezi mudzaitembenuza, koma mafupa ake ndi awa:

> Kwa a Manijala, Depoti ya Kamwendo
>
> Pempho lotumidwa ku kosi ya kasungidwe ka mbewu
>
> Ndikupempha kuti kampani inditume ku kosi ya masiku asanu ku Lilongwe, kuyambira Lolemba pa (tsiku) mpaka Lachisanu pa (tsiku) Malichi, ndipo ndidzakhala pa ntchito Loweruka m'mawa. Mtengo wonse ndi K790,000, monga zilili pa tsamba lomatidwa.
>
> Lipoti lotsekera nyengo yatha linasonyeza kusiyana kwa makilogalamu 4,500 pa soya, ndipo mbali ina inachokera ku chinyontho pogula. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu la kosiyi ndi la kuyeza chinyontho ndi kuwerengera zochotsa pa mtengo. Mtengo wa kosi ndi wofanana ndi matumba 16. Titachepetsa kusiyanaku ndi gawo limodzi mwa atatu, tipulumutsa matumba 30 m'nyengo imodzi.
>
> Makiyi ndidzasiyira kalaliki wamkulu wa sikelo, amene wavomera, titawerenga katundu ndi kusayinirana pamaso panu. Ndikabwera ndidzapereka lipoti la tsamba limodzi pasanathe sabata, ndipo ndidzaphunzitsa makalaliki ogula ndi onyamula katundu kwa theka la tsiku nyengo yogula isanayambe.
>
> Fizi ilipiridwe mwachindunji kwa ophunzitsa. Ngati bajeti siyingakwanitse zonse, ndine wokonzeka kukambirana zogawana mtengo. Kulembetsa kukutsekedwa pa (tsiku), choncho ndingathokoze nditamva yankho pofika pa (tsiku).

Taonani kuti pempho lenileni, masiku ndi ndalama zili m'ndime yoyamba. Anthu ambiri amayamba ndi mbiri ya zaka zimene agwira ntchito mokhulupirika, ndipo wowerenga amafika kumapeto asanadziwe kuti akupemphedwa chiyani. Taonaninso kuti mulibe mawu a setifiketi, kukwezedwa kapena tsogolo lanu. Zimenezo ndi zoona ndipo aliyense akuzidziwa, koma si zimene kampani ikugula. Lonjezo lophunzitsa anzanu ndilo limalemera kwambiri, chifukwa limasandutsa fizi ya munthu mmodzi kukhala maphunziro a anthu khumi, ndiponso likuyankha mwakachetechete nkhawa ija yoti mudzachoka: ngakhale mutachoka, nzeruzo zatsala pa depoti. Tsiku la yankho muliike masiku asanu kapena asanu ndi awiri kulembetsa kusanatsekedwe, chifukwa ndalama za kampani sizituluka tsiku limodzi.

Kalatayo musaiponye pa tebulo mosayembekezereka, ndipo musalumphe amanijala n'kutumiza ku likulu, ngakhale mutadziwa kuti ndalama zimavomerezedwa kumeneko. Manijala wolumphidwa amapeza chifukwa chokanira. Pemphani mphindi khumi pa nthawi yoti palibe thiraki pabwalo ndipo si tsiku la malipiro, muli ndi pepalalo m'manja, munene kuti, "Bwana, funso lanu lija la makiyi ndaliganizira, ndalemba mmene ndikuonera, mundithandize ngati pali pofunika kusintha musanaitumize." Mukatero kalatayo imakhala yawonso. Akasintha dzina la wosiyiridwa makiyi kapena kuchotsa chiganizo china, vomerani. Munthu sakana pempho limene waikapo cholembera chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho invoisi, ndondomeko ya kosi ndi fomu ya kampani, ngati ilipo, mudzaze ndi kumata nokha, kuti iwo atsale ndi kusayina kokha. Zonsezi zichitike patatsala masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Sungani kope lanu lokhala ndi chidindo kapena siginecha yosonyeza tsiku limene analandira.

Akavomera, n'kutheka kuti akupatsani pepala la bondi, lonena kuti mugwirebe ntchito kwa nthawi yakuti kapena mubweze ndalama. Si chipongwe, ndipo pa ndalama ngati imeneyi ndi chinthu chomveka. Koma muwerenge zinthu zitatu musanasayine. Kutalika kwake kufanane ndi mtengo: pa kosi ya sabata imodzi, miyezi 6 mpaka 12 ndi yomveka, zaka ziwiri kapena zitatu n'zopitirira. Ndalama yobweza izicheperachepera mwezi ndi mwezi. Ngati bondi ndi ya miyezi 12 pa K790,000 ndipo mwachoka patatha miyezi 9, mubweze gawo limodzi mwa anayi, K197,500, osati zonse. Ndipo palembedwe kuti kubweza kukugwira ntchito pokhapokha mutachoka mwa kufuna kwanu, osati kampani ikachepetsa antchito kapena kutseka depoti. Ngati muli pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ya nyengo, bondi isapitirire tsiku limene kontirakitiyo ikutha.

Akakana, funsani mwaulemu kuti chavuta ndi ndalama, masiku kapena kosiyo, chifukwa chilichonse chili ndi njira yake. Ngati ndi ndalama, pemphani masiku olipidwa osadula pa holide, inu mulipire ulendo ndi pogona, kampani fizi, kapena fizi mugawane pakati. Ngati akufuna kukukongozani fizi n'kumadula pa malipiro, mgwirizano wake ulembedwe, ndi ndalama yodula mwezi uliwonse. Ngati ndi masiku, funsani tsiku limene iwo angakumasuleni, n'kufufuza kosi yofanana nayo pa nthawi imeneyo. Ngati akukayikira kosiyo, afunseni bungwe limene iwo amalikhulupirira. Zonse zikakanika ndipo mwatsimikiza kudzilipirira, ndiye tulutsani chachitatu chija, masiku asanu a holide, podziwa kuti ngakhale tsiku loyambira holide mumagwirizana ndi abwana, simungolengeza. Chilolezo chilichonse chimene mwapeza, chikhale cholembedwa ndipo chinene mtundu wa tchuthicho. Zimachitika kawirikawiri kuti munthu wauzidwa pakamwa kuti "pitani", kenako kumapeto kwa chaka n'kupeza kuti masiku asanu anadulidwa pa holide, kapena kumapeto kwa mwezi malipiro aperewera.

Mukabwerako, lipoti lija lisakhale mndandanda wa mitu imene munaphunzira. Likhale la zinthu zitatu kapena zinayi zoti zisinthe pa depoti, chilichonse ndi mtengo wake komanso tsiku lake: mwachitsanzo kuyeza chinyontho pa katundu aliyense wolowa n'kulemba pa lisiti logulira, kusiya mpata wodutsa munthu pakati pa mulu wa matumba ndi khoma, kusesa ndi kupopera nyumba yonse mbewu yatsopano isanalowe, ndi kusasakaniza matumba a chaka chatha ndi atsopano. Malisiti mubweze pa tsiku munalonjeza, ndi chenji yomwe. Phunziro la theka la tsiku lichitike Epulo asanafike, ndipo amene abwera asayine dzina. Kenako tsegulani kabuku kolembamo chinyontho cha katundu aliyense wolowa, makilogalamu olowa ndi otuluka, kuti nyengo ikamatsekedwa mudzaike kusiyana kwa chaka chino pambali pa kwa chaka chatha, mbewu ndi mbewu, pa tsamba limodzi lopita kwa amanijala.